Kalata Yomaliza kwa Wangongole Musanapite ku Khoti

Ndalama za ku Thyolo zimatsata tiyi. Mvula ikakhazikika mu Disembala tiyi amaphukira mofulumira, ndipo mpaka cha mu Epulo mafakitale a Satemwa, Naming'omba, Conforzi, Makandi ndi a Eastern Produce cha ku Makwasa sapuma. Olembedwa ntchito yothyola masamba amachuluka, malole sakhala pansi, ndipo ndalama yochoka ku esiteti imatsetsereka kupita kwa kontrakitala, kwa mwini lole, kwa mayi wa golosale, mpaka kwa wogulitsa usipa pamsika wa Bvumbwe kapena wa Luchenza. Chilimwe chikafika masamba amachepa, aganyu ambiri amabwerera kwawo, ndipo malonda ochuluka amayamba kuyendera pangongole. Mawu ake aliyense wa kuno amawadziwa: "Ndikupatsani pamalipiro." "Cheke sichinatuluke." "Dikirani sizoni iyambe."

Kudikira malipiro si nkhani yachilendo m'dera lino. Boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Tea Authority mu 1967 kuti alimi ang'onoang'ono a ku Thyolo ndi ku Mulanje azilima tiyi n'kumagulitsa masamba kudzera m'bungwelo. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, alimi ankatha miyezi akudikira ndalama za masamba amene anapereka kale. Mu 2002 bungwelo linalowedwa m'malo ndi kampani ya STECO, koma kuchedwa kwa malipiro sikunathe, mpaka alimi ambiri anapanga magulu awoawo n'kuyamba kugulitsa masamba ku maesiteti oyandikana nawo. Chimene chinkawafooketsa alimiwo n'chakuti tsamba la tiyi silidikira. Likathyoledwa liyenera kufika kufakitale tsiku lomwelo, choncho mlimi sangagwire katundu wake n'kunena kuti mundilipire kaye. Amapereka, kenako amadikira. Mwini lole amene watuta kale nkhuni ali chimodzimodzi, ndipo mayi amene ufa wake unadyedwa kale sangaubweze. Chimene onsewa amatsala nacho m'manja ndi mapepala, ngati anawasunga.

Nkhani ino ikunena za nthawi imene kukumbutsa kwalephera. Mwaimba foni, mwapita kunyumba, mwatuma mkulu wa mpingo, koma chaka chatha, mwina ziwiri. Chatsala ndi kalata imodzi yomuuza wangongole kuti ndalama ndi zakutizakuti, tsiku lomaliza ndi lakutilakuti, ndipo likadutsa mukukasuma.

Kalatayi ili ndi owerenga awiri

Anthu ambiri polemba kalata yotere amaona nkhope ya wangongole yekha, ndipo cholembera chimatsata mkwiyo. Amakumbutsa za ubale, za maliro amene anathandiza, za njinga yamoto imene wangongole wagula ndalama za eni ake zili panja. Zonsezi zingakhale zoona, koma kalatayi ili ndi wowerenga wachiwiri amene sakudziwani nonse awiri. Ameneyu ndi majisitireti. Nkhani ikafika ku khoti, kalata yomaliza ndi limodzi mwa mapepala oyamba amene mudzaonetse. Majisitireti adzafuna kuonamo zinthu zochepa: ndani akufuna ndalama kwa yani, ndalamazo zinachokera pa chiyani, zatsala zingati, ndipo kodi woimbidwa mlandu anapatsidwa mpata wokwanira wolipira.

Pa ngongole wamba ya pakati pa anthu awiri, lamulo silikukakamizani kulemba kalata musanasume. Komabe wosuma osachenjeza amadzichotsera mphamvu yekha. Wangongole akhoza kuimirira n'kunena kuti akadauzidwa bwino akadalipira, ndipo khoti lingaganizire zimenezo pogamula amene alipire ndalama zoyendetsera mlandu. Palinso ngongole zina zimene anthu sanagwirizane tsiku lobweza, zongoti "mudzabweza ndikadzazifuna." Pa zoterezi kalata ndi umboni wakuti munazifunadi, komanso wa tsiku limene munazifuna.

Ine ndimaona kuti wangongole naye amachita mantha ndi kalata yozizira kuposa yaukali. Yaukali imamuuza kuti mwakhumudwa, chimene ankadziwa kale. Yozizira, yokhala ndi masiku ndi manambala olondola, imamuuza kuti mwasonkhanitsa mapepala ndipo mukudziwa khomo la khoti.

Kuwerengetsa ndalama

Tiyerekeze nkhani iyi, yofanana ndi zambiri zimene zimachitika m'mbali mwa maesiteti. Fakitale ya tiyi imafuna nkhuni zambiri za bulugamu zosonkhera moto woumitsira masamba. Kontrakitala wina wapeza ntchito yodula ndi kupereka nkhunizo, koma alibe galimoto, choncho wagwirizana ndi mwini lole wa ku Bvumbwe kuti azimututira pa K95,000 ulendo uliwonse, malipiro kumapeto kwa Ogasiti. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti 2023 loleyo yayenda maulendo 18. Zonse pamodzi ndi K1,710,000. Mu Seputembala 2023 kontrakitala wapereka K400,000 pamanja. Mu Febuluwale 2024, atakakamizidwa, watumiza K210,000 pa Airtel Money. Kuchokera pamenepo, zii. Foni imangoitana, ndipo akakumana pa Thyolo boma yankho ndi lomwe lija lakuti cheke sichinatuluke.

Mwini lole akachotsera K610,000 imene walandira, amapeza K1,100,000, ndipo iyi ndi nambala imene wakhala akuitchula kwa mkazi wake ndi kwa anzake chaka chonse. Koma asanailembe m'kalata ayenera kukhala pansi ndi kope la dalaivala. M'kopemo muli masiku awiri pamene lole inatha mafuta ndipo kontrakitala anathira dizilo wa ndalama zake, K60,000 ulendo uliwonse, pomvana kuti adzachotsera. Ngongole yeniyeni ndi K980,000.

Apa ndi pamene makalata ambiri amafera. Munthu amaganiza kuti kutchula nambala yokulirapo kumupatsa pokambirana, kapena amangoiwala zazing'ono zimene analandira. Koma wangongole amene wakhala akusowa poyankhira amangodikira cholakwa chimodzi chotere. Akaona K1,100,000 sayankhanso za ngongole, amayankha za dizilo. Ku khoti adzatulutsa lisiti la pa filing'i siteshoni, ndipo majisitireti akaona kuti wodandaula anabisa K120,000 amayamba kukayikira maulendo 18 aja. Munthu amene wachotsera yekha dizilo m'kalata yake wamulanda mnzakeyo chida, ndipo waonetsa khoti kuti mawu ake ndi odalirika.

Chiwongoladzanja chimafunanso kusamala kotereku. Ngati munagwirizana polemba kuti ndalama zikachedwa pazikhala phindu lakutilakuti, liwerengeni ndipo muonetse mmene mwaliwerengera. Ngati simunagwirizane, musaphatikize nambala yanuyanu pa ngongole. Lembani kuti mukakasuma mudzapempha khoti kuti liwonjezere chiwongoladzanja ndi ndalama zoyendetsera mlandu, ndipo khotilo ndi limene lidzaone. Obwereketsa ndalama za katapila, amene amachuluka m'makomboni masiku a malipiro akayandikira, adziwe kuti pali lamulo lotchedwa Loans Recovery Act limene limapatsa khoti mphamvu younikanso mgwirizano ndi kutsitsa chiwongoladzanja chimene laona kuti ndi chopyola muyezo ndi chofinya wobwereka. Kalata yofuna K300,000 pa K50,000 imene inabwerekedwa miyezi isanu yapitayo ingathe kumutembenukira mwini wake.

Funso lina lofunika kuliyankha musanalembe ndi lakuti amene ali ndi ngongole yanu ndani kwenikweni. Mwini lole uja nkhuni ankazitsitsa pafakitale, alonda a pageti ankamulembera chiphaso, ndipo mumtima mwake amaona ngati anagwirira ntchito esiteti. Koma sanapangane kanthu ndi esiteti. Anapangana ndi kontrakitala, ndipo kalata ipite kwa iyeyo. Nawonso mawu akuti cheke sichinatuluke samumasula kontrakitala, pokhapokha ngati anagwirizana poyamba kuti mwini lole adzalandira esiteti ikalipira. Onaninso dzina lolembedwa pa mapepala a ntchitoyo. Ngati ndi kampani yolembetsedwa imene dzina lake limathera ndi Limited, wangongole ndi kampaniyo, osati bambo amene mumamudziwa, ndipo kalata ilembedwe m'dzina la kampani. Ngati ndi munthu amene amangogwiritsa ntchito dzina la bizinesi, lembani dzina lake lenileni n'kuwonjezera la bizinesiyo. Kulakwitsa dzina kumachedwetsa mlandu, ndipo nthawi zina kumachititsa kuti muyambirenso.

Kalatayo

Mwini lole angalembe motere, m'Chichewa chomwechi ngati ndi chimene awiriwa amalankhulana. Pamwamba aike dzina lake, keyala yake ndi nambala ya foni, kenako dzina ndi keyala ya wolandira.

10 Malichi 2025

Bambo Uje,

CHENJEZO LOMALIZA: NGONGOLE YA K980,000

Mu Juni 2023 tinagwirizana kuti lole yanga izikututirani nkhuni pa K95,000 ulendo uliwonse, ndipo kuti mudzalipira pofika pa 31 Ogasiti 2023. Loleyo inayenda maulendo 18, omwe ndi K1,710,000. Mwandipatsa K400,000 mu Seputembala 2023 ndi K210,000 mu Febuluwale 2024. Ndachotseranso K120,000 ya dizilo amene munathira. Zatsala K980,000.

Ndakukumbutsani pafoni ndi pamaso kangapo, komanso pa uthenga wa pa 6 Janyuwale 2025, koma ndalamazi sizinaperekedwe.

Ndikukupemphani kuti mulipire K980,000 yonse pofika Lolemba pa 24 Malichi 2025, 4 koloko madzulo, ku akaunti kapena nambala ya foni imene ndalemba m'munsimu. Ngati pali nambala imene simukugwirizana nayo, mundiyankhe polemba lisanafike tsikulo, ndi mapepala anu.

Tsikuli likadutsa ndalama zisanalowe, ndidzakasuma ku khoti la majisitireti ku Thyolo popanda kukuchenjezaninso, ndipo ndidzapempha khoti kuti mulipirenso chiwongoladzanja ndi ndalama zoyendetsera mlandu.

Ndaphatikiza mafotokope a mndandanda wa maulendo, ziphaso za pageti ndi uthenga wa Airtel Money.

Ine wanu,

Pansi pake asaine ndi kulemba dzina lake lonse.

Kalatayi ndi yaifupi, ndipo ikuyenera kukhala choncho. Ikumutchula munthuyo kuti Bambo ndi kumulankhula mwaulemu mpaka kumapeto, chifukwa ulemu suchotsa kanthu pa mphamvu yake. Tsiku lomaliza lalembedwa ndi dzina lake ndi ola lake. Mawu ngati "msanga," "mwezi uno" kapena "m'masiku 14" amasiya mpata wokangana kuti masikuwo anayamba liti, tsiku lolemba kapena tsiku lolandira. Maloya kawirikawiri amapereka masiku 7 kapena 14. Kwa munthu amene ayenera kufunafuna ndalama yoyandikira miliyoni, masabata awiri ndi oyenera, pomwe masiku awiri amaoneka ngati msampha.

Chiganizo choitana wangongole kuti atsutse polemba chili ndi ntchito yaikulu. Akayankha, mumadziwiratu chimene adzanene ku khoti. Akapanda kuyankha, kudzamuvuta kufotokozera majisitireti chifukwa chake nkhani ya maulendo osakwana akuitulutsa lero, pamene anapatsidwa mpata woitulutsa kale.

Zimene zasiyidwa dala m'kalatayi ndi zofunika ngati zimene zalembedwa. Mulibe mawu akuti ndikumangitsani. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, pa ndime 19, amaletsa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano, ndipo ngongole wamba si mlandu wa apolisi. Zimasiyana ngati munthu anatenga katundu mwachinyengo kuyambira pachiyambi, koma kontrakitala amene walipirako kawiri si wotero. Wangongole wodziwa zinthu akawerenga za apolisi amazindikira kuti wolembayo sakudziwa njira yake, ndipo mantha amamuthera. Mulibenso mawu akuti ndibwera ndi anyamata kudzatenga njinga yanu. Kulanda katundu wa munthu popanda chilolezo cha khoti, kapena kumuopseza kuti muona, kumasandutsa mwini ndalama kukhala wozengedwa mlandu, ndipo pamenepo ndi pamene apolisi amabweradi.

Mulibenso zokamuneneza kwa manejala wa esiteti. Chiyeso chimenechi ndi chachikulu ku Thyolo, chifukwa aliyense amadziwa kumene mnzake amadyera. Koma taganizani bwino. Kontrakitala akachotsedwa ntchito ya nkhuni chifukwa cha kalata yanu, mwatseka nokha mpopi umene ndalama zanu zikadatulukira, ndipo ngati mwawonjezera mawu akuti ndi wakuba, iye angakusumireni mlandu woipitsa mbiri. Chimodzimodzi ngati wangongole ndi wantchito wa pa esiteti: kupempha kalaliki wa malipiro kuti akuduliireni ndalama mwamseri sikuloledwa, popeza lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limaika malire pa zimene bwana angadule pa malipiro a munthu.

Nthawi

Kumudzi timati mlandu suwola, ndipo pabwalo la mfumu mawuwa amagwira ntchito. Ku khoti la boma mlandu wa ngongole umawola. Lamulo lotchedwa Limitation Act limapereka zaka 6 zosumira nkhani yochokera pa mgwirizano, kuwerengera kuyambira tsiku limene ndalama zinayenera kuperekedwa. Zakazo zikatha, wangongole angangouza khoti kuti nthawi inadutsa, ndipo ngakhale mapepala anu akhale olondola chotani, nkhani imathera pomwepo.

Pali zinthu ziwiri zimene zimachititsa kuti zaka 6 zija ziyambirenso: wangongole akalipirako gawo lina, kapena akavomera ngongoleyo polemba n'kusaina. Kwa mwini lole uja nthawi inayamba kuwerengedwa kumapeto kwa Ogasiti 2023, koma K210,000 ya mu Febuluwale 2024 inaiyambitsanso, choncho ali ndi mpata mpaka Febuluwale 2030. N'chifukwa chake kauthenga ka pafoni kotsimikiza kuti ndalama zalowa si kofufuta. Koma dziwani ichi, pakuti ambiri amanyengeka nacho: kalata yanu yomaliza siimitsa nthawi. Mukhoza kulemba makalata khumi, zaka zikuyendabe. Chimene chimaimitsa ndi kulembetsa mlandu ku khoti. Munthu amene ngongole yake yatha zaka zisanu ndi theka asapereke mwezi wina wodikira.

Zaka 6 zingaoneke zambiri, koma kwacha siidikira zaka zimenezo. Mu Meyi 2022 ndalama yathu inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Mwini lole anagwira ntchito yake miyezi ingapo kutsitsa kwachiwiriku kusanachitike. Matayala, mabatire ndi zipangizo za injini zimachokera kunja, choncho K980,000 imene akuifuna mu 2025 singagule zimene ikadagula mu Ogasiti 2023. Wangongole sataya kanthu pochedwa. Amene akutaya mwezi ndi mwezi ndi mwini ndalama, ndipo ichi chokha n'chifukwa chokwanira chosadikirira kuti chaka chachiwiri chikwane.

Tsiku lotumiza kalata lisankhidwe ndi nzeru za kuno. Kalata yofika mu Seputembala, tiyi atauma ndipo ntchito zitachepa, imapeza munthu alibe kanthu ngakhale atafuna kulipira. Yofika pakati pa Janyuwale ndi Epulo imamupeza ndalama za sizoni zikuyenda. Ngati mukudziwa sabata imene esiteti imalipira makontrakitala, ikani tsiku lanu lomaliza masiku ochepa pambuyo pake, ndalama zisanagawidwe kwa ena amene akufuulanso ngati inu.

Kuipereka

Kalata imene simungatsimikize kuti inafika ili ngati sinalembedwe. Konzani makope awiri. Pitani nokha kapena tumani munthu wamkulu wodalirika, pamodzi ndi mboni imene si m'bale wanu, ndipo wolandira asaine pa kope lanu, alembe tsiku. Akakana kusaina musakangane naye. Isiyeni, ndipo mboni ilembe pa kope lanulo kuti kalata yaperekedwa tsiku lakuti, malo akuti, koma mwini wake wakana kusaina. Ngati ndi kampani, isiyeni ku ofesi yake ndipo apadinde chidindo. Njira ina ndi kuitumiza pa positi ofesi ngati kalata yolembetsa n'kusunga lisiti.

Kujambula kalatayo n'kuitumizanso pa WhatsApp n'kothandiza, chifukwa lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti limalola mauthenga otere kukhala umboni, komanso anthu ambiri amayankha msanga pafoni mawu amene sakadawalemba papepala. Koma ikhale njira yowonjezera. Mafoni amatayika, manambala amasintha. Ndipo muipereke m'envulopu yomata, kwa mwini wake, osati kudzera kwa kapitawo kapena pamaso pa antchito ake.

Akayankha, ndi akapanda kuyankha

Kawirikawiri kalata yolembedwa bwino imabweretsa munthu pakhomo ali ndi kandalama m'manja ndi pempho lakuti zotsalazo azipereka pang'onopang'ono. Musakane msanga. K980,000 yolowa m'magawo anayi m'miyezi inayi ingapose chigamulo cha khoti chimene mungachidikire nthawi yaitali kuposa pamenepo. Koma zonse zilembedwe pomwepo: kuti akuvomera ngongole ya K980,000, kuti wapereka zingati lero, kuti zotsala azipereka zingati pa masiku ati, ndiponso kuti akaphonya gawo limodzi zonse zotsala zidzafunika nthawi imodzi. Asaine, mboni zisaine. Pepala limeneli ndi lamphamvu kuposa kope la dalaivala, popeza latseka mkangano wa maulendo ndipo layambitsanso zaka 6 zija. Chenjerani ndi lisiti limene iye wakonza yekha. Ngati palembedwa kuti ndalama imene wapereka yatseka nkhani yonse, musasaine, pokhapokha ngati mwasankhadi kukhululuka zotsalazo. Pa lisiti lanu lembani kuti mwalandira gawo, ndipo zatsala zakuti.

Akatsutsa nambala, yerekezani mapepala anu ndi ake mofatsa. Mwina akunena zoona pa ulendo umodzi. Gawo limene akuvomera alipire, lotsalalo ndi limene mukakambe pamaso pa mkhalapakati kapena ku khoti.

Akakhala chete mpaka pa 24 Malichi, pa 25 mukhale muli ku khoti. Ichi ndi chimene chimapatsa kalata yonse tanthauzo, ndipo munthu amene sanakonzeke kuchichita asalembe mawu akuti chenjezo lomaliza. Kalata yomaliza yachiwiri imaphunzitsa wangongole kuti yachitatu ikubwera. M'dera laling'ono ngati la maesiteti, phunzirolo limafikanso kwa ena onse amene ali ndi ngongole zanu.

Ku khoti la majisitireti simufunika loya. Mumapita kwa kalaliki wa milandu ya pakati pa anthu ndi mapepala anu, mumalemba dandaulo, mumalipira ndalama yolembetsera mlandu, ndipo khoti limatulutsa samani yopita kwa wangongole. Majisitireti ali m'magiredi, ndipo giredi iliyonse ili ndi malire a ndalama zimene ingaweruze. Kalaliki adzakuuzani ngati nkhani yanu ikukwana pamenepo kapena iyenera kupita ku Khoti Lalikulu ku Blantyre, kumene kulinso nthambi yoona milandu ya zamalonda, ndipo kumeneko milandu yambiri imayamba yadutsa pa zokambirana pamaso pa jaji isanazengedwe. Amene sangakwanitse kulipira loya angafunse thandizo ku Legal Aid Bureau. Wangongole akalandira samani koma osayankha kapena osabwera, khoti lingagamule iye kulibe.

Chigamulo si ndalama. Ndi chilolezo chogwiritsa ntchito mphamvu ya boma potolera. Wangongole akapitiriza kukana, mumabwerera ku khoti kukapempha kuti masherifu akalande katundu wake n'kumugulitsa. Palinso njira ina yomukomera kwambiri mwini lole uja: khoti lingalamule munthu kapena kampani imene ikusunga ndalama za wangongole, monga banki yake kapena esiteti imene sinamulipire nkhuni, kuti ipereke ndalamazo kwa wodandaula. Cheke chija chimene sichimatuluka chingathe kutulukira kwa mwini lole, koma kudzera mwa khoti, osati kudzera m'kalata yokamuneneza kwa manejala. Ngati wangongole alibe lole, alibe akaunti yokhala ndi kanthu, ndipo ntchito ya nkhuni inamuthera, masherifu adzabwerako chimanjamanja, inu mutawononga ndalama zolembetsera ndi zoyendera. Zimenezi muzifufuze musanalembe kalata, chifukwa ndi zimene zingakuuzeni ngati kuli bwino kulandira magawo ang'onoang'ono kapena kulimbikira kusuma.

Ngongole ziwiri sizitsata njira imene tafotokozayi. Wothyola tiyi, mlonda kapena dalaivala amene bwana wake sanamupatse malipiro kapena ndalama za pomaliza ntchito angalembe kalata yofanana ndi iyi, koma ikalephera apite ku ofesi ya zantchito ya boma la Thyolo, ndipo zikakanika kumeneko nkhani imapita ku khoti loona za ntchito, Industrial Relations Court. Ndipo kwa amene ndalama zake zili ku unduna kapena nthambi ya boma, chenjezo lolemba ndi lokakamiza: lamulo limafuna kuti lipite kwa mlangizi wamkulu wa boma pa zamalamulo, Attorney General, ndipo papite miyezi itatu musanalembetse mlandu. Miyezi itatuyo muiwerengeretu ngati zaka zosumira zatsala pang'ono kutha.